Lipoti limodzi, masiku asanu: uthenga uliwonse uziima pawokha

Lipoti lalitali likaikidwa pa bolodi ya sukulu, amene amaliwerenga mpaka kumapeto ndi ochepa. N'chifukwa chake ambiri amaligawa m'zithunzi zisanu, chilichonse ndi mawu ochepa pansi pake, chimodzi patsiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ife tikuti njirayi imathandiza pokhapokha uthenga wa tsiku lililonse ukhale woona ndi womveka kwa munthu amene sanaone anzake anayi aja.

Tiyeni titenge lipoti la kalembera wa anthu wa 2018. Munthu wofulumira amalidula m'zigawo zisanu motsata masamba, ndipo Lolemba amaika mawu oyamba, omwe sayankha funso la aliyense. Chofunika ndi kuliwerenga lonse kaye, kenaka kulemba mafunso asanu amene kholo kapena wophunzira angafunse. Tilipo angati? Tikuchuluka bwanji? Tikukhala kuti? Ana ndi angati? Mzinda waukulu ndi uti?

Funso lililonse lipatsidwe tsiku lake ndi nambala imodzi yokha. Lolemba tinganene kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi. Lachitatu tinganene kuti m'chaka chimenecho, anthu 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Dzina la lipoti ndi chaka chake zilembedwe pa uthenga uliwonse, ngakhale zioneke ngati kubwereza. Chithunzi chikajambulidwa pa foni n'kutumizidwa kwa m'bale, chimayenda chokha, osati ndi anzake.

Pamene ambiri amagwa ndi pofupikitsa. Tinene kuti Lachisanu wina walemba kuti, "Ku Lilongwe kuli anthu 989,318." Nambalayo ili m'lipoti, koma uthengawo wasokeretsa pawiri. Choyamba, chiwerengerochi ndi cha mzinda wokha, osati boma lonse la Lilongwe ndi midzi yake. Chachiwiri, mawu akuti "kuli" akuonetsa ngati ndi za lero. Zoyenera ndi izi: "Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe." Mawu awonjezeka pang'ono, koma wophunzira akawakumbukira pa mayeso salemba bodza.

Musanaike uthenga, muupereke kwa mnzanu amene sanaone lipotilo, ndipo mumufunse kuti akuuzeni zimene wamva. Akafunsa kuti "ndani?" kapena "liti?", ndiye kuti china chake chatsala m'lipoti. Mukapezamo mawu ngati "monga tinanena dzulo", afafanizeni.

Pali malipoti ena osayenera kugawidwa chonchi. Lipoti la ndalama la komiti ndi limodzi mwa iwo. Mukaika ndalama zolowa Lolemba, zotuluka n'kudikira Lachinayi, kwa masiku atatu anthu azifunsana kumene ndalamazo zapita, ndipo msungichuma wosalakwa ayamba kukayikiridwa. Mfundo ziwiri zimene sizimveka popanda inzake zizituluka tsiku limodzi, pa pepala limodzi.