Sheya Yatsika Mtengo, Ndalama Zili Kuti?

Mu 2024, kampani ya Blantyre Hotels ku Malawi idapatsa eni masheya ufulu wogula masheya 6 atsopano pa sheya iliyonse yakale, pa K12.38 imodzi.

Tiyerekeze kuti yakaleyo inali pa K19.38. Onjezerani K74.28 ya atsopanowo, zikwana K93.66. Mukagawira masheya 7, iliyonse igwa pa K13.38. Umenewu ndiye mtengo woyembekezeka, ngakhale msika ungaupotoze.

Tsono ufulu wogula sheya imodzi ndi wa K1, kusiyana kwa K13.38 ndi K12.38. Sheya yakale yatsika ndi K6, koma ndalamayo yangosamukira m'maufulu 6 aja. Woluza ndi amene sagula, ufulu wakenso osaugulitsa, mpaka tsiku lotsekera litadutsa.