Tsitsi la pachithunzi si tsitsi la wogula

M'misika ya ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete kapena ku Joni, mabokosi a mankhwala owongola tsitsi, amene ambiri amangoti rilakisa, amafanana pa chinthu chimodzi. Kutsogolo kwake kumakhala chithunzi cha mkazi womwetulira, tsitsi lake lili pamapewa, likuwala. Wogula amayang'ana nkhopeyo, nafunsa mtengo, n'kulipira. Koma chithunzi sichinena kanthu za zimene zili m'katimo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi la rilakisa liyenera kuwerengedwa kuyambira kumbuyo, ndipo mafunso ofunika kuyankha ndi awiri okha: mankhwala ake ndi a mtundu wanji, nanga mphamvu yake ikugwirizana ndi tsitsi la ndani?

Funso loyamba limayankhidwa ngakhale ndi munthu amene Chingerezi kapena Chipwitikizi chimamuvuta, chifukwa katundu wa m'bokosimo amadziulula yekha. Pali rilakisa amene amabwera m'chitini chimodzi, wopaka osasakaniza ndi china chilichonse. Kawirikawiri ameneyu amakhala wa sodiyamu hayidirokisaidi, yemwe ndi kositiki soda yemweyo amene anthu amapangira sopo. Amagwira ntchito mofulumira, ndipo amawotcha khungu la m'mutu mofulumiranso. N'chifukwa chake ndi woyenera manja a munthu wa saluni wodziwa ntchito yake. Ndiye pali wina amene m'bokosi mwake mumakhala chitini cha kirimu, kabotolo ka madzi ndi kamtengo kotakasira. Kirimuyo ndi wa kalisiyamu hayidirokisaidi, ndipo madziwo ndi a gwanidini kaboneti. Ziwirizi zikasakanizidwa m'pamene pamabadwa mankhwala owongola tsitsiwo. Zotsala sizisungidwa kuti zidzagwire ntchito mwezi wamawa, zimatayidwa tsiku lomwelo.

Mtundu wachiwiriwu ndi umene pabokosi pake amalembapo kuti mulibe layi, kutanthauza kuti mulibe kositiki soda. Mawu amenewa ndi oona, koma asokeretsa anthu ambiri, chifukwa wogula amamva ngati akuuzidwa kuti mankhwalawo sawotcha. M'chaka cha 2019, akatswiri a pa Yunivesite ya Cape Town, pakati pawo pali Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, anafalitsa zimene anapeza atayeza mitundu 121 ya rilakisa yogulidwa m'masitolo. Yonse inali ndi ukali wopitirira 11.5 pa muyeso wa pH, umene umathera pa 14, ndipo ukali wotero umadya khungu. Ya layi, yopanda layi, ngakhalenso yokhala ndi zithunzi za ana pabokosi, yonse inali m'gulu limodzi. Choncho kamtsikana komwetulira pabokosi si umboni wakuti mankhwalawo ndi ofatsa. Wopanda layi amachedwerapo kuyabwa m'mutu, zimene zimathandiza munthu wa khungu losachedwa kupsa, koma amasiya kalisiyamu patsitsi, n'kuliumitsa ngati udzu wa m'chilimwe.

Funso lachiwiri, la mphamvu, ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Mabokosi amagawidwa patatu: wofatsa, amene m'saluni amati mayilodi, wapakati amene amati regula, ndi wamphamvu amene amati supa. Chikhulupiriro chofala n'chakuti tsitsi lopotana kwambiri, lothyola chipeso, limafuna supa. Si zoona. Magawo atatuwa sanapangidwe potengera kupotana kokha kapena kuchuluka kwa tsitsi m'mutu, koma makamaka kunenepa kwa tsitsi limodzi palokha ndiponso mmene lavulalira kale.

Chitsanzo nachi. Mayi wina wa ku Chipata ali ndi tsitsi lodzaza mutu, lopotana zolimba, ndipo miyezi iwiri yapitayo analipaka utoto wofiirira. Wogulitsa akuligwira, akumva kulimba, namupatsa supa. Koma mayiyo akanazula tsitsi limodzi n'kuliika papepala loyera pambali pa ulusi wosokera, akanaona kuti n'lowonda kwambiri kuposa ulusiwo, ndipo pakati pa zala silimveka n'komwe. Tsitsi lake ndi lochuluka, koma lililonse palokha ndi lopyapyala. Kuwonjezera apo, utoto unatsegula kale chikopa cha kunja kwa tsitsilo, moti mankhwala alionse amalowa msanga. Supa akakhala m'mutu wotere kwa mphindi 20, tsitsi limawongoka ndithu, ndipo tsikulo mayiyo amatuluka m'saluni akunyadira. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, tizidutswa ta tsitsi timayamba kutsalira pachipeso ndi papilo. Likanyowa limatamuka ngati labala osabwerera, ndipo m'mbali mwa mphumi ndi kunkhongo mumayamba kuyera. Choyenera kwa mayiyu chinali mayilodi, kwa nthawi yaifupi imene yalembedwa pakapepala ka m'bokosi. Utotowo ukanakhala wa mtundu woyeretsa tsitsi, ndiye kuti sakanayenera kupaka rilakisa aliyense.

Kapepala kameneka, kamene ambiri amakataya pamodzi ndi pulasitiki, kamalamula kuyesa kaye mankhwala pa katsitsi kochepa kobisika. Katsitsiko kakawongoka bwino n'kukhalabe kolimba pokakoka, mphamvuyo ndi yoyenera. Kakafewa ngati phala kapena kuduka, bokosilo si la mutu umenewo, ngakhale ndalama zapita kale. Ndi bwinonso kuona ngati m'bokosi muli shampu yoziziritsa mankhwala, chifukwa madzi okha sachotsa ukali wonse. Yambiri imatulutsa thovu la pinki pamene mankhwala akadalimo, ndipo munthu amatsuka mobwereza mpaka thovu litayera.

Wobwereza kupaka ali ndi zina ziwiri zoti akumbukire. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho kudikira milungu 8 kumapereka mphukira zokwanira kuti mankhwala apakidwe pa tsitsi latsopano lokha, osakhudza lowongoka kale. Komanso ayenera kudziwa mtundu umene anapaka poyamba. Mankhwala opotera tsitsi a thayogilaikoleti, onunkha ngati mazira owola, sagwirizana ndi a hayidirokisaidi. Akakumana patsitsi limodzi, tsitsilo limathothoka. Nawonso meshi wolukira sayenera kulowa m'mutu umene wangowongoledwa kumene. Kafukufuku wa Pulofesa Khumalo yemweyo anaonetsa kuti dazi la m'mbali mwa mphumi limachuluka kwambiri mwa anthu amene amalukira zowonjezera patsitsi lopaka rilakisa.

Ena anganene kuti zonsezi n'zosatheka kwa mayi wa kumudzi, pakuti zilembo zake n'zazing'ono, zili m'chinenero chachilendo, ndipo m'masaluni ambiri mankhwala amatapidwa m'chidebe chachikulu chimene kasitomala sachiona. Dandauloli ndi lomveka, ndipo opanga mankhwalawa akanachita bwino kulemba machenjezo m'zinenero za anthu amene amawagula. Koma mpaka tsikulo litafika, kufunsa sikulipiritsa. Wokhala pampando wa saluni ali ndi ufulu wopempha kuti aone chidebecho, adziwe ngati ndi mayilodi, regula kapena supa, aone tsiku lothera ntchito, ndi kumva kuti mankhwalawo akhala m'mutu mphindi zingati. Kirimu wa m'botolo lopanda chizindikiro ndi wofunika kumukana, ngakhale akhale wotsika mtengo chotani. Ndipo mutu ukayamba kutentha, chimenecho si chizindikiro chakuti mankhwala akugwira, monga mmene ena amalimbikitsirana. Ndi khungu limene likupsa, ndipo pamene pachita chipsera chakuya, tsitsi silimeranso.