Mizati Itatu ndi Kalata ya kwa Mkonzi

Mayi wina amene anaphunzira pano zaka zapitazo, ndipo tsopano akulima kwao ku Katete, anatitumizira mapepala awiri m'envulopu imodzi. Loyamba linali cidutswa ca nyuzipepala cokhala ndi cithunzi ca mitengo ya cimanga, cimene ophunzira masamu amacicha galafu. Laciwiri linali kalata imene iwo analembera mkonzi wa nyuzipepalayo kudandaula za cithunzico. Tinapacika zonse ziwiri pa bolodi la ku cipinda codyera, ndipo zinautsa mkangano umene sunathe msanga. Ife taima ndi mayiwo, ndipo tifuna kufotokoza cifukwa cake.

Cithunzico cinali ndi mizati itatu yoimirira, uliwonse kuimira mtengo umene bungwe la boma logula ndi kusunga cakudya, la FRA, linalengeza pa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Mzati wa 2023 unalembedwa K280, wa 2024 K330, ndipo wa 2025 K340. Manambala amenewa ndi oona, ndipo mayiwo sanawatsutse. Cimene cinawaimitsa ndi msinkhu wa mizatiyo. Wa 2023 unali kacitsa cabe, pamene wa 2025 unali nsanamira. Munthu wongoponyapo diso akanati mtengo wa cimanga wakwera katatu m'zaka ziwiri.

Mayiwo anatenga lula ya mwana wao wa sukulu n'kuyeza. Mzati woyamba unali masentimita 3, waciwiri 8, wacitatu 9. Kenaka anayang'ana manambala ang'onoang'ono a m'mbali mwa cithunzico, aja ambiri a ife sitiwerenga, ndipo anapeza kuti pansi peni peni, pamene mizati inayambira, panalembedwa K250 m'malo mwa ziro. Apa ndi pamene panagona nkhani. Wojambula anadula K250 pa mzati uliwonse n'kuonetsa zotsala zokha: K30 pa woyamba, K80 pa waciwiri, K90 pa wacitatu. Zoonadi 90 ndi 30 katatu. Koma mlimi sagulitsa thumba lake pa K30 kapena pa K90. Kucoka pa K280 kufika pa K340 mtengo wakwera ndi K60, ndiko kuti pafupifupi K21 pa K100 iliyonse. Mizatiyo ikadayambira pa ziro, wa 2025 n'kukhalabe masentimita 9, wa 2023 ukadakhala masentimita 7 ndi kacigawo kosakwana theka, ndipo wa 2024 ukadatsala pang'ono kulingana ndi wa 2025. Kukwera kukadaoneka ndithu, koma kwa msinkhu wake woona.

Tiyerekeze kuti amuna atatu aima kuseri kwa mpanda wa udzu, ndipo inu mukuona zimene zatulukira pamwamba pa mpandawo. Wina waonekera cipewa cokha, wina mutu ndi mapewa. Mukaweruza ndi zimene mukuonazo mudzati waciwiriyu ndi cimphona, pamene atatuluka pabwalo mungapeze kuti asiyana ndi cikhatho cimodzi. Mzati wa m'cithunzi umalankhula ndi utali wake. Mukaudula miyendo, wanama, ngakhale nambala yolembedwa pamutu pake ikhale yolondola.

Ena mwa ophunzira athu anati kalatayo inali yopanda pake. Mfundo yao inali yakuti nyuzipepala sinabise kanthu: K250 inalembedwa poyera, mitengo inalembedwanso, ndipo wosawerenga bwino adziimbe yekha mlandu. Mfundoyi siyopepuka, ndipo tivomereza mbali ina ya iyo. Sitikhulupirira kuti wojambulayo anafuna kunyenga munthu. Mapulogalamu a pakompyuta ojambulira zithunzi zotere nthawi zina amasankha okha poyambira manambala, ndipo munthu wothamangira nthawi yosindikiza saonanso kawiri. Tivomerezanso kuti pali zithunzi zimene sizifunika kuyambira pa ziro. Namwino akamalemba kutentha kwa thupi la wodwala ndi mzere wokwera ndi kutsika, sayambira pa ziro, cifukwa cimene akufuna kuona ndi kusintha kwakung'ono. Koma mzere ndi mzati n'zosiyana. Pa mzere diso limatsata kumene ukulowera. Pa mizati diso limayerekeza ukulu. Ndipo cithunzi cimaikidwa m'nyuzipepala kuti cithandize amene alibe nthawi kapena mphamvu yowerenga zonse. Nyuzipepala imodzi ikafika pamudzi imadutsa m'manja ambiri, ena a agogo amene magalasi ao anasweka kale. Iwo adzaona kacitsa ndi nsanamira, osati timanambala ta m'mbali.

Cimene cinatikondweretsa koposa m'kalatayo n'cakuti mayiwo sanalekere pa lula. Anafunsa funso limene cithunzico sicikanayankha ngakhale cikadajambulidwa bwino: kodi mtengo wa thumba ukakwera, ndiye kuti mlimi wapeza bwino? Mutu wa nkhaniyo unkanena conco, ndipo mzati wa 2024 ndiwo unadumpha kwambiri. Koma tonse tikukumbukira 2024. Mvula inadula cimanga cili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Zokolola za cimanga m'Zambia, zimene caka ca m'mbuyo mwake zinapitirira matani mamiliyoni atatu, zinatsika kufika pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ndi banja longoyerekeza. Mu 2023 lakolola matumba 40. Lasunga 15 a cakudya ca pakhomo, lagulitsa 25 pa K280, ndipo lalandira K7,000. Mu 2024, pamunda womwewo ndi thukuta lomwelo, lakolola matumba 18. Pakamwa sipanacepe, motero 15 aja asungidwabe. Otsala ndi atatu, ndipo pa K330 abweretsa K990. Mzati wa m'nyuzipepala watalika, koma ndalama ya banjali yatsika kucoka pa K7,000 kufika posakwana K1,000. Nanga mnansi wao amene anakolola matumba 10 okha? Iye caka cimeneco sanali wogulitsa konse. Anali wogula, ndipo kwa wogula mtengo wokwera ndi katundu pamutu. Cimanga cimadula kwambiri m'caka cimene alimi ambiri alibe coti agulitse.

Panalinso mfundo ina imene mayiwo anaikhudza mwacidule, koma ife tifuna kuti ophunzira athu aigwiritse. Kwaca ya caka cino si kwaca ya zaka ziwiri zapitazo. Njira yapafupi yodziwira ngati mtengo wakweradi ndiyo kusiya kuwerenga makwaca n'kuyamba kuwerenga matumba: ndi matumba angati a cimanga amene agula thumba limodzi la feteleza? Tinene kuti mu 2023 munagula feteleza pa K840. Pa mtengo wa K280, amenewo ndi matumba atatu a cimanga. Mu 2025 matumba atatu omwewo pa K340 akupatsani K1,020. Ngati feteleza wa mtundu womwewo mwamupeza pa mtengo wocepera K1,020, mwapita patsogolo. Ngati wapitirira pamenepo, mwabwerera m'mbuyo ngakhale mzati watalika. K840 tangoiika kuti masamu ayende bwino. Inu tsegulani buku lanu la munda, muikepo mtengo umene munalipiradi, ndipo mucite cimodzimodzi ndi mbewu, matumba opanda kanthu ndi ngolo yopita nayo ku depoti. Kumbukiraninso kuti mtengo wa m'cithunziwo ndi wa ku depoti, wa cimanga couma bwino ndi copetedwa. Amene anagulitsa pakhomo m'mwezi wa Meyi kwa ogula oyendayenda, cifukwa ca ndalama ya sukulu kapena ya cipatala, akudziwa okha zimene analandira.

Wina angafunse kuti tikutayiranji tsamba lonse pa kacithunzi ka m'nyuzipepala. Tikutero cifukwa m'kalasi lathu lomwe lino munali mnyamata amene, ataona mizati ija, anayamba kulankhula zocotsa soya ndi nshawa pa malima ake awiri kuti adzalepo cimanga cokhacokha, feteleza wake atenge pa nkhongole. Kulima cimanga cambiri si kulakwa, ndipo mwina masamu ake akadamulola. Koma iye sanacite masamu, anaona nsanamira. Nkhongole imabwezedwa ndi K60 yeniyeni ija yoonjezeka pa thumba, osati ndi katatu ka m'maso, ndipo munda umene wasiya kasinthasintha wa mbewu udzafuna feteleza woculukirapo caka cinaco.

Panali enanso amene anaopa kuti kalata yotere idzaoneka ngati ndale, popeza mtengo wa cimanga m'dziko lathu sucedwa kusanduka nyimbo ya pamsonkhano. Apa ndi pamene kalembedwe ka mayiwo katiphunzitsa kanthu. Kalata yao inali ya ndime zinayi zazifupi. Anachula tsiku ndi tsamba pamene cithunzico cinatuluka. Anayamba ndi kuvomereza kuti mitengo yolembedwayo ndi yoona. Anapereka miyeso ya lula ndi masamu a K60, kotero kuti mkonzi akanatha kuyeza yekha pa tebulo lake. Sanachule cipani, sananene kuti wina analipidwa, sanati mtengo wa boma ndi wabwino kapena woipa. Ndipo anapempha cinthu cimodzi cokha cotheka: kuti cithunzico cisindikizidwenso mizati itayambira pa ziro, ndi kuti mutu wa nkhani usanene za phindu la mlimi pamene cayezedwa ndi mtengo cabe. Cinyengo ca mzati wodulidwa sicisankha mbali. Mawa wina wofuna kuonetsa kuti alimi aponderezedwa angadule mizati mwa njira yomweyo pa caka cimene mtengo watsika pang'ono, ndipo kalata yomweyi ingamuyenere osasintha liwu.

Kalatayo inatuluka patapita milungu iwiri, itafupikitsidwa. Ndime ya lula anaisiya yonse, ya cilala anaidula pakati, ndipo cithunzi cokonzedwa sitinacione. Mayiwo akuti sanakhumudwe, ngakhale ife tikadakonda kuti ndime ya cilala ikhale yathunthu, pakuti ndiyo inali yolemera. Mnyamata wa malima awiri uja wakhala pansi ndi mphunzitsi wa za mabuku a munda, ndipo akuwerengabe. Sanatiuze cimene wasankha. Cidutswa ca nyuzipepala cija cikadali pa bolodi, ndipo pambali pake tapacikapo cina cimene a caka coyamba ajambula pa pepala la timabokosi, mizati yake itayambira pa ziro. Lula tamangirira pa msomali ndi kacingwe, kuti aliyense wofuna ayeze yekha.