Munthu wa m'gemu amakumbukika ndi mawu ochepa onenedwa pa nthawi yake

Pali maganizo ena amene afala pakati pa achinyamata okonda magemu a pa foni ndi pa kompyuta, makamaka amene amalota kuti tsiku lina adzapanga gemu yochitikira kuno kwathu, ku Chiparamba kapena m'tauni ya Chipata. Iwo amati chofunika ndi zithunzi zokongola, nkhani yaikulu ndi ngwazi yake. Timawu timene amaponya anthu a m'njira, aja amene wosewera sawayendetsa, monga mlonda wa pachipata kapena wogulitsa pamsika, amati ndi zodzazira chabe, zolemba usiku womaliza. Ine ndikukana. Timawu timeneti ndi timene timapangitsa munthu wa m'gemu kukhala munthu, ndipo amene amatinyoza amatipatsa midzi yodzaza ndi zidole zoyenda.

Tiyambe ndi umboni umene ambiri amaudziwa. Gemu ya Skyrim, imene kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2011, ili ndi zinjoka, nkhondo ndi mafumu. Koma funsani amene anaisewera kuti ndi mawu ati amene akukumbukabe. Ambiri adzatchula mlonda wopanda dzina amene amakuuza kuti nayenso kale ankayenda maulendo oopsa ngati iwe, mpaka muvi unamulasa pa bondo. Mawuwa anawalemba Emil Pagliarulo, opanga gemuyo atafuna kuti alonda aoneke kuti ali ndi umunthu. Onani zimene chiganizo chimodzicho chanyamula. Munthuyo ali ndi mbiri, anataya kanthu, ndipo akukuyang'ana ndi kansanje pang'ono. Palibe tsamba la mbiri ya moyo wake limene munawerenga, koma mwamudziwa.

Wotsutsa adzati: "Mawu omwewo anasanduka nthabwala, anthu anatopa nawo." Ndi zoona, koma vuto silinali m'mawuwo. Linali m'kagawidwe kake. Chiganizocho sichinapatsidwe kwa mlonda mmodzi, chinali m'thumba la mawu limene alonda a m'mizinda yosiyanasiyana ankatolamo. Mukamva koyamba, mwakumana ndi munthu. Mukamva kachisanu kwa alonda asanu, mwaona makina, chifukwa sizingatheke kuti asilikali onse a dziko analasidwa pa bondo. Apa ndi pamene pali mfundo yanga yonse: kachiganizo kakafupi kamakhala ndi mphamvu kakachokera pakamwa poyenera, pa nthawi yoyenera, ndipo kosabwerezedwa mopitirira.

Amene anamvetsa bwino za nthawi yoyenera ndi opanga F.E.A.R., gemu ya nkhondo imene kampani ya Monolith inatulutsa mu 2005. Osewera ankayamikira kuti asilikali a adani m'gemuyi ndi ochenjera kwambiri. Jeff Orkin, amene anakonza khalidwe lawo, anafotokoza mu 2006 pa msonkhano wa opanga magemu kuti mbali ina ya kuchenjerako inali m'kulankhula. M'malo moti msilikali wowomberedwa angokuwa, mnzake amamufunsa ngati ali bwino, iye n'kuyankha. Msilikali akasowa pobisala, mnzake amamuuza kuti achokepo, iye n'kuyankha kuti alibe kolowera. Chimene chikanaoneka ngati kupusa kwa pulogalamu chinasanduka mantha a munthu wopanikizika. Koposa apo, msilikali wotsala ankatha kuitana anzake odzathandiza, pamene gemuyo inalibe dongosolo lotumiza gulu lothandiza. Wosewera akakumana ndi adani ena kutsogolo, amene anaikidwa pamenepo kale, ankaganiza yekha kuti ndi aja anaitanidwa. Mawu ochepa anagwira ntchito imene ikanadya nthawi yaitali ya olemba mapulogalamu.

Nanga gemu imadziwa bwanji kuti nthawi yake ndi ino? Njira yosavuta kuimva ndi imene kampani ya Valve inagwiritsa ntchito mu Left 4 Dead ya mu 2008, ndipo Elan Ruskin anaifotokoza poyera mu 2012. Gemu imasunga mndandanda wa zimene zili zoona pa mphindi imeneyo: amene akulankhula, malo, zimene zinachitika kale. Chiganizo chilichonse chili ndi zofunika zake kuti chinenedwe. Pa ziganizo zonse zimene zofunika zake zakwanira, gemu imasankha chimene chili ndi zofunika zambiri kuposa zinzake, chifukwa ndicho chikugwirizana kwambiri ndi zimene zikuchitika.

Tiyese njirayi ndi munthu wongopeka wa kuno kwathu. Tinene kuti m'gemu yanu muli Amake Tisa, amene amagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu ku Chiparamba, ndipo wosewera ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana. Wolemba waulesi amawapatsa mawu akuti "Muli bwanji" ndi "Gulani vitumbuwa", basi. Ife tiwapatse ziganizo zisanu ndi chimodzi zokha.

Popanda china chilichonse chodziwika, amangoitanira malonda: "Vitumbuwa votentha!" Mnyamatayo akafika koyamba amati: "Kodi ndinu mwana wa ndani? Nkhopeyi si yachilendo." Akatenga vitumbuwa pa ngongole ya K5 n'kudutsanso osalipira amati: "Abwana, lero mwasochera kuti mudzere kuno?" Akadutsa ali ndi ngongoleyo koma atavala nsapato zatsopano amati: "Nsapato zabwino! Ndiye kuti K5 yanga ili kumapaziko." Akalipira amati: "Tengani ka mbasela, koma musauze anzanu." Ndipo tsiku limene kwawo kwa mnyamatayo kwagwa maliro amati: "Pepa mwana wanga. Tenga ivi, ukapatse ana kunyumba."

Mawu onsewa sakufika makumi asanu, koma mwawadziwa Amake Tisa. Saiwala ndalama yawo, amabaya ndi nthabwala osati ndi mkwiyo, ndipo amadziwa tsiku limene ngongole siitchulidwa. Onaninso chinthu chimene chilankhulo chathu chimatipatsa kwaulere. Poyamba akuti "inu" chifukwa mnyamatayo ndi mlendo. Pa ngongole akuti "abwana", ulemu umene aliyense wa kuno amamva kuti ndi chitonzo. Pa maliro asintha n'kunena "iwe", osati monyoza koma ngati mayi kwa mwana wake. Amene amalemba timawu timeneti m'Chingelezi kaye n'kumasulira pambuyo pake amataya zonsezi, chifukwa Chingelezi chili ndi liwu limodzi la "iwe" ndi "inu".

Tsopano tione pamene zinthu zimasokonekera. Malamulo atatu a Amake Tisa angalembedwe motere:

```
ngongole                 -> "Abwana..."    (1)
ngongole + nsapato       -> "Nsapato..."   (2)
maliro                   -> "Pepa..."      (1)
```

Manambala akusonyeza kuchuluka kwa zofunika. Tiyerekeze kuti mnyamatayo ali ndi ngongole, wavala nsapato zatsopano, ndipo kwawo kuli maliro. Malamulo onse atatu akwanira, ndiye gemu isankha lachiwiri chifukwa lili ndi zofunika ziwiri. Amake Tisa adzaseka nsapato za munthu wonamfedwa. Ndi chiganizo chimodzi chabe, koma chagwetsa munthu yense amene munamanga, ndipo wosewera wa kuno adzaona msanga kuti mayiyu si munthu. Mankhwala ake ndi kuwonjezera pa malamulo onse a ngongole chofunika chakuti "palibe maliro". Vuto lotere silioneka powerenga mawu papepala, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha ndi chabwino. Limaoneka mukasewera mwadala ndi zochitika ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi n'kumvetsera chimene chituluke.

Vuto lachiwiri ndi lija la mlonda wa bondo, ndipo ndi la masamu. Ngati njira ya wosewera imadutsa pa Amake Tisa maulendo 20 pa ola limodzi, ndipo iye ali ndi ngongole nthawi yonseyo, adzamva za kusochera maulendo 20. Nthabwala ikanenedwa kachitatu yayamba kale kuzizira. Ambiri amathamangira kulemba ziganizo zina makumi angapo, koma njira yotchipa ndi yabwino koposa ndi kuchepetsa kulankhula. Gemu ikumbukire kuti za nsapato zanenedwa, ndipo zisadzanenedwenso. Za kusochera zinenedwe, kenako papite mphindi 10 mayiyo asanazibwereze. Pakati pake angomuyang'ana mnyamatayo osanena kanthu. Aliyense amene anakhalapo ndi ngongole pamsika amadziwa kuti diso lija limalankhula kuposa pakamwa.

Pali ena amene amavomereza zonsezi koma n'kulakwitsa mbali ina. Pofuna kuti gemu ioneke yachikhalidwe, amaika mwambi m'kamwa mwa aliyense. Woyendetsa njinga yonyamula anthu ku Kapata amalankhula mwambi, mwana wa sukulu mwambi, wogulitsa salaula mwambi. Kumeneko si kulemekeza chilankhulo, ndi kuvala zovala za gule popita kudimba. Mwambi si mawu a munthu mmodzi, ndi a tonse, choncho suuza wosewera chilichonse chokhudza amene waunena. Ngati mukufuna mwambi, upatseni gogo mmodzi amene amaugwiritsa ntchito pothawa kuyankha funso, pamenepo ukhala khalidwe lake. Wanjinga musiyeni adandaule za chitunda ndi kulemera kwa thumba la chimanga limene mwamusenzetsa.

Yeso lake ndi losavuta. Lembani ziganizo za anthu anu onse patsamba limodzi, fufutani mayina, mupatse mnzanu awerenge. Ngati sangathe kusiyanitsa mawu a wogulitsa vitumbuwa ndi a wanjinga, ndiye kuti simunalembe anthu awiri, mwalemba munthu mmodzi wovala malaya awiri. Kenako funsani chiganizo chilichonse kuti chikudziwa chiyani za mphindi imeneyi. Chimene chinganenedwe kwa aliyense, paliponse, tsiku lililonse, chikhale chimodzi chokha pa munthu, cha kuitanira malonda.

Ndikulimbikira nkhaniyi chifukwa apa ndi pamene wopanga gemu wa ku Chipata angapikisane ndi aliyense. Zithunzi zonga za makampani aakulu zimafuna anthu mazana, makompyuta odula ndi magetsi osathima. Ziganizo zisanu ndi chimodzi za Amake Tisa zimafuna kope, cholembera, ndi khutu la munthu amene anaimapo pamsika n'kumva mmene mayi wogulitsa amakumbutsira ngongole popanda kutchula liwu loti ngongole. Khutu limenelo opanga Skyrim sangaligule, ndipo ife tili nalo kale.