Kugawa ndalama pakati sikuthetsa mkangano wa atsogoleri

M'magulu a alimi a kuno ku Mecanhelas, kuyambira ku Insaca mpaka ku Chiuta ndi ku Entre Lagos, muli chizolowezi chimene chikupha magulu ambiri kuposa chilala. Wapampando ndi msungichuma akasemphana pa zoti ndalama za gulu ziyambe kugwira ntchito iti, akuluakulu amawakhazika pansi, kuwauza kuti ndinu abale, gwiranani chanza, kenako ndalamazo n'kuzidula pakati kuti aliyense asachite manyazi. Anthu amaomba m'manja. Ine ndikuti kumeneko n'kuthawa udindo, ndipo amene amalipira ndi mayi amene anasenza nandolo wake kudzasiya m'nkhokwe ya gulu.

Tiyerekeze gulu la alimi 30, mwezi wa Okutobala, m'thumba muli mametikali 60,000. Wapampando akufuna kuti ndalama yonse igule mbewu, membala aliyense alandire ya mametikali 2,000 ngati ngongole mvula isanagwe. Msungichuma akuti ayi, denga la nkhokwe likudontha, malata achita dzimbiri m'misomali, ndipo mkatimo muli matumba 80 a nandolo. Kukhoma denga latsopano kukufunika mametikali 45,000. Onse awiri akunena zoona, ndipo palibe wakuba pakati pawo. Tsono gawani pakati muone. Mametikali 30,000 akhoma mbali imodzi ya denga, mvula ilowera mbali inayo. Mbewu ya mametikali 1,000 ndi theka chabe la zimene membala amayembekezera. Gulu lawononga ndalama yonse osamaliza ntchito ngakhale imodzi, ndipo pofika Januwale aliyense wa awiriwo ali ndi umboni woti mnzake ndiye analakwitsa.

Ena amathamangira mwambi woti atambala awiri salira m'khola limodzi, n'kuyamba kufunafuna woti achotsedwe. Izinso ndimazikana. Gulu limene msungichuma wake sanatsutsepo wapampando ndi limene ine ndimaliopa, chifukwa ndi mmene ndalama zimasowera mwakachetechete. Kusiyana maganizo kwa awiriwa ndi ntchito imene tinawasankhira. Chimene chimasowa ndi woti agamule, ndi tsiku loti agamulire.

Wogamulayo alipo kale, kungoti timamuiwala. Lamulo la magulu a alimi, Decreto-Lei 2/2006, limalola anthu khumi kapena kuposerapo kulembetsa gulu lawo pa boma pomwepa, ndipo malamulo amene gulu limapereka polembetsa amaika mphamvu yaikulu m'manja mwa msonkhano wa mamembala onse. Pamakhalanso kabungwe koyang'anira kayendetsedwe ka chuma, kamene m'magulu ambiri kanangotsala dzina papepala. Nkhani ngati iyi ndi ya anthu amenewa. Kupita nayo kwa mfumu kapena kwa mkulu wa chipani n'kuisandutsa mlandu wa ulemu, ndipo mfumu, mwa ntchito yake, idzayanjanitsa anthu, siidzawerengera malata.

Amene akutsogolera msonkhano ayambe waonana ndi aliyense payekha, mlembi ali pomwepo ndi kope. Asafunse kuti mnzanu wakulakwirani chiyani, chifukwa funso limenelo limafukula za maliro a chaka chatha ndi za njinga ya gulu. Afunse onse awiri mafunso ofanana: “Bambo wapampando, ntchito mukuifunayi ikadikira mpaka Meyi, chionongeke n'chiyani? Chingabwezeretsedwe?” Yankho lilembedwe m'manambala, a kabungwe koyang'anira chuma apite akaone okha, akwere padenga, awerenge matumba, akafunse mtengo wa malata ndi mbewu ku Insaca kapena ku Cuamba.

Mukafunsa chonchi pa nkhani yathu ija, mupeza kuti mkangano suli pomwe onse amaloza. Mbewu singadikire: mvula yobzalira ikadutsa, chaka chapita. Denga lingadikire ngati m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndiye chenicheni chimene awiriwa akusiyana ndi tsiku logulitsa nandolo. Msungichuma akufuna denga chifukwa mumtima mwake akufuna kusunga matumbawo mpaka mtengo ukwere, ndipo izi sanazinene poyera.

Apa mpofunika kukumbutsana mmene msika wa nandolo umayendera. Mtengo wake supangidwira ku Niassa. Nandolo wambiri wa dziko lino amapita ku India kudzera pa doko la Nacala. Mu 2016 maiko awiriwa anasainirana pangano la malonda a mbewuyi, alimi analima mwamphamvu, koma mu 2017 India anaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake ndipo mtengo unagwa koopsa. Mu 2023 katundu wambiri anaima ku Nacala chifukwa cha mikangano ya otumiza kunja. Gulu la alimi 30 lokhala ndi denga lodontha lilibe mphamvu yobetcha pa msika wotere, makamaka poti anankafumbwe sadikira mtengo, ndipo mvula ikakhazikika galimoto za ogula zimaleka kufika m'midzi. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zimenezi.

Choncho ndikanakhala pa msonkhanowo ndikanavotera kuti nandolo agulitsidwe Okutobala asanathe, mametikali 60,000 onse apite ku mbewu, ndipo mametikali 45,000 oyamba kubwezedwa pokolola akhome denga nandolo watsopano asanalowe m'nkhokwe. Koma chigamulo chimenechi chili ndi malire ake, ndipo alembedwe: ngati pofika tsiku logwirizana wogula sanapezeke, matumba akadali mkati, denga ndilo liyambe, mbewu ilandire zotsala. Msungichuma sanapambane, komabe akutuluka ndi tsiku ndi nambala zolembedwa m'kope, zowerengedwa mokweza pamaso pa onse, osati lonjezo lapakamwa loti tidzaona chaka chamawa. Ndipo ntchito yotolera ngongole ya mbewuyo apatsidwe iyeyo, popeza ndiye amene akufunitsitsa kuti ndalamayo ibwerere.

Wina anena kuti kuvota kumasiya mabala, kuti kwathu kuno timakonda kumvana. Ndikumva, ndipo n'chifukwa chake ndikuti awiriwo ayambe amvedwa paokha, wogonja asadzidzimukire pagulu. Koma bala lalikulu limabwera nkhani ikasiyidwa m'malere. Zizindikiro zake n'zodziwika: msungichuma ayamba kusowa tsiku losaina ku banki, kiyi wa nkhokwe ali kwa uyu pomwe buku lili kwa uyo, mamembala ayamba kutchulana kuti awa ndi a kwa wapampando, ndipo misonkhano yeniyeni ikuchitikira m'makonde usiku. Zikafika apa, mlangizi wa zaulimi aitanidwe kudzakhala mboni pa msonkhano, ndipo usachedwe kupitirira sabata ziwiri.

Vuto lomweli tikuliona ngakhale kumtunda. Potsatira kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2018, chigawo chilichonse, Niassa yomwe, chakhala ndi bwanamkubwa wochokera m'chisankho komanso mlembi wa boma wosankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo kuyambira 2020 madandaulo sanathe oti ntchito za awiriwa zimalowererana. Ku Lichinga kukonza zimenezo kukudikira aphungu ku Maputo. Gulu la alimi silidikira aliyense: pa msonkhano wa Ogasiti, nandolo asanalowe m'nkhokwe, lingathe kulemba kuti ndalama yopitirira mwakuti siituluka popanda voti ya mamembala, ndi kuti atsogoleri akasiyana, nkhani ifike ku msonkhano pasanathe masiku 14.