Apu siigulitsa nyemba kwa wa foni yamabatani

Wamalonda amene akunyengereredwa kulipira wina kuti amupangire apu ayambe wawerenga mafoni a makasitomala ake.

Mwachitsanzo, mayi wopikulitsa nyemba pa Lizulu ali ndi mavenda 40 oodako, ndipo 30 mwa iwo ali ndi timafoni tamabatani. Apu ingafikire anthu 10 okha, nawonso pokhapokha ali ndi bandulo tsikulo. Uthenga wa pafoni ufika kwa onse 40, ndipo zilembo 160 n'zokwana kulemba mtengo wa ndowa, tsiku ndi malo otengera katundu. Uthengawo umakhalabe m'foni, choncho pakabuka mkangano wa mtengo umboni ulipo.

Polipira, kuimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba sikulira intaneti. Vuto lake n'lakuti menyu yotere siidikira munthu. Wochedwa kusakasaka nambala imamudukira panjira, ndiye venda alembe nambalayo papepala asanayambe. Ikaduka atalowetsa kale nambala yachinsinsi, asathamangire kutumizanso, ayambe waona ndalama zotsala, kuopa kulipira kawiri. Wolandirayo naye aone ndalama zake yekha asanapereke katundu, pakuti akamberembere amalemba mauthenga onamizira kuti ndalama zalowa.

Foni yamakono imapambana pamene katundu amagulidwa ndi maso. Chitenje kapena nsapato za kaunjika zimafuna chithunzi. Komabe pamenepo WhatsApp ikukwana, popanda kulipira womanga apu.