Lekani kunena kuti "dzinalo musalilabadire, ingotumizani"

Anzathu a geni m'gulu muno, pali mawu amene afala pakati pathu ndipo atitopetsa. Munthu akukupatsa nambala yoti utumizepo ndalama za katundu, iwe walemba zonse, foni yaonetsa dzina lachilendo, ukamufunsa akuti, "Aa, dzinalo musalilabadire, ingotumizani." Ife amene timagulitsa m'mafamu a kuno ku Mvurwi tagwirizana kuti mawu amenewa sitiwamveranso.

Tiyambe ndi chifukwa chake dzinalo limabwera. Ukalowa pa EcoCash ndi *151#, kapena kumudzi pa Airtel Money ndi *211#, n'kulemba nambala, kompyuta ya kampani siidziwa kuti m'mutu mwako muli ndani, imangoona manambala khumi amene walemba. Nambala ya khadi ya kubanki ili ndi chitetezo chake: nambala yomaliza imawerengedwa kuchokera ku zinzake, choncho ukaphonya imodzi makina amakana. Nambala ya foni ilibe zimenezo. Manambala amagawidwa motsatizana, ndiye ukalemba 64 pamene pamafunika 46, kawirikawiri wagwera pa layini ya munthu wina weniweni, wa ku Gweru kapena ku Chipinge, ndipo kwa makina palibe cholakwika chilichonse.

N'chifukwa chake ndalama zisanachoke, kompyuta imatenga nambalayo, kukayang'ana m'kaundula wake, n'kukubwezera dzina limene linalembedwa pa chitupa tsiku limene akauntiyo inatsegulidwa. Si dzina limene iwe unasunga mu foni mwako. Mwako mukhoza kulembedwa kuti "Amayi a zitenje", koma kampani ikukuuza mwini wake wa ndalamazo zikangofika. Ku Kenya, Safaricom inayambitsa zimenezi pa M-Pesa mu 2015 n'kuzitcha Hakikisha, kutanthauza kuti tsimikiza, chifukwa anthu otumiza kolakwika anali atachuluka.

Ena mumati, "Zikalakwika tikabweza." Kodi munayesapo? Mlongo wathu wina amene timaoda naye katundu anatumiza madola 180 a zitenje kwa munthu amene anali ku Mbare, basi ili pafupi kunyamuka. Nambala anailemba pamtima, manambala awiri omaliza n'kuwatembenuza. Dzina linabwera, iye chala chinali kale pa batani. Patatha mphindi makumi awiri wa ku Mbare uja anaimba kuti sanaone kanthu. Atawerenga meseji, dzina linali la munthu amene sanamumvepo. Anaimba nambalayo, inalira kawiri n'kuzimitsidwa. Ku ofesi ya kampani anamuuza zoona zokhazokha: iwo sangangolowa m'chikwama cha munthu n'kutulutsa ndalama chifukwa wina wanena kuti analakwitsa, popeza akuba nawonso amanena chimodzimodzi akagula katundu. Akhoza kutseka ndalamazo ngati zikadalimo n'kufunsa mwini layini. Koma zinali zitatengedwa kale kwa ejenti, ndiye nkhani inasanduka ya kupolisi. Zitenje sizinakwere basi, mpamba unapita. Nthawi yokhayo imene mlongo wathuyu anali ndi mphamvu pa ndalama zake inali masekondi aja dzina lili pa foni.

Tsopano tikambe zimene otitsutsa amanena, chifukwa sakunama kotheratu. Amati kuno kumafamu dzina silimagwirizana nthawi zambiri, ndiye kuliwerenga n'kutaya nthawi. Tikudziwa kumene zimenezi zinachokera. Agogo athu anabwera kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzalima fodya, ana awo n'kubadwira m'makomboni opanda chikalata cha kubadwa, ndipo amene anapeza chitupa ambiri chinalembedwa kuti ndi mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira yoti obadwira kuno kwa makolo a m'maiko oyandikana nafe akhale nzika, koma mpaka lero alipo amene mapepala awo sanalongosoke. Wopanda chitupa sangalembetse layini. Ndiye layini ya amayi ili m'dzina la mkamwini, ya achimwene ili m'dzina la kapitawo wa pafamu.

Zimenezo n'zoona, koma zikutiuza kuti tiziwerenga kwambiri dzinalo, osati tizilinyalanyaza. Mukatumiza ku layini ya m'dzina la mkamwini, ndalamazo pamaso pa kampani ndi za mkamwini. Foni ikatayika, amene angakatenge layini ina pa nambala yomweyo ndi iye, ndi chitupa chake. Banja likatha, ndalama zimene zili mmenemo amayi sangakazilondole. Ndipo pakabuka mkangano wa katundu, meseji yanu ikuonetsa kuti munalipira munthu wina, osati amene munapangana naye. Kodi umboni wanu ukhala uti?

Palinso nkhani ya manambala akale. Ambiri mwa makasitomala athu ndalama amaziona nthawi yogulitsa fodya basi. Layini ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kuipatsa munthu wina. Inu nambala munaisunga chaka chatha, simunalakwitse ngakhale pamodzi, koma mwini wake anasintha. Chimene chingakuuzeni ndi dzina lokha.

Tisanamizanenso kuti dzina limateteza ku chilichonse. Limakuuzani amene analembetsa layini, silikuuzani ngati ndi wokhulupirika, kapena ngati foniyo ili m'manja mwake lero. Wakuba amathanso kulembetsa ndi chitupa chotola. Komanso ife a Banda ndi a Phiri tilipo ambiri zedi, ndiye kungoona Phiri n'kudina sikokwanira. Werengani dzina loyamba ndi la bambo lomwe.

Pa chifukwa chimenechi, ife timachita chonchi. Tisanatumize timafunsa kuti, "Pabwera dzina lanji?" ndipo wolandirayo ndiye ayambe kulitchula. Osamuwerengera inu, chifukwa wachinyengo amangoti "eya, lomwelo." Ngati layini ili m'dzina la wina, anene yekha tisanaone, ndipo alembe pa meseji kuti ndalama zake zipite ku dzina lakutilakuti, meseji imeneyo tisunge. Munthu akatiuza kuti wasintha nambala, timaimba nambala yakale ija kuti timve mawu ake, popeza akuba amakonda kulemba kuti "foni yanga yawonongeka, tumizani apa." Ngati ndalama ndi zambiri ndipo nambala ndi yatsopano, timayamba ndi dola imodzi, iye atsimikize kuti yafika, kenako zotsalazo. Mukamatumizira kwa ejenti, muuzeni akuonetseni foni asanadine, musachite manyazi ndi mzere wa kumbuyo kwanu. Ndipo dzina likapanda kubwera n'komwe, imani kaye, chifukwa mwina nambalayo ilibe akaunti.

Kwa inu amene mumakwiya tikafunsa, mumati tikukuyesani akuba: ayi achimwene, ayi achemwali. Tikamaoda zitenje timawerenga mapisi pamaso panu ndipo simukwiya. Pa Nyamapanda timawerenga ndalama kawiri tisanachoke kwa wosintha. Dzina nalo n'chimodzimodzi. Amene akufulumizitsani kuti basi ikunyamuka, muuzeni kuti kuwerenga mayina awiri sikuchedwetsa basi. Akaumirirabe kuti "ingotumizani", dinani batani lokana, ndalama zanu zikhale m'foni mwanu, mukambirane kaye.